Chikalata Chikakakamira Pamzere wa Pulinta

Tiyerekeze kuti mlembi wa pasukulu akusindikiza mayeso a masamba 40, ndipo magetsi azima pulinta ili patsamba la 12. Magetsi atayakanso, iye atumiza mayeso aja kachiwiri, pulinta ili zii. Atumizanso, mpaka kasanu. Akatsegula mzere wa zikalata zodikira kusindikizidwa apeza zilipo zisanu ndi chimodzi. Akadina Cancel, zisanu zam'munsi zichoka bwinobwino, koma chapamwamba chija chingolemba kuti Deleting, osasuntha. Ngakhale azimitse pulinta ndi kuiyatsanso, chikalatacho chili pompo.

Ambiri akafika apa amaganiza kuti pulinta yafa, nayamba kufunsa mtengo wa ina. Chonsecho nthawi zambiri pulintayo ilibe mlandu. Vuto limakhala mkati mwa kompyuta, ndipo kulikonza sikutenga mphindi zisanu.

Mukatumiza chikalata kuti chisindikizidwe, sichipita kupulinta mwachindunji. Mu Windows muli pulogalamu yogwira ntchito mwakachetechete yotchedwa Print Spooler. Ili ngati mnyamata wa pachigayo amene amalandira matumba a chimanga, kuwandandalika pamzere, n'kumathira m'chigayo limodzilimodzi. Pulogalamuyi imalandira chikalata chanu, kuchisunga pa disiki, kenako n'kumachipereka kupulinta pang'onopang'ono monga mwa liwiro la pulintayo. N'chifukwa chake mumatha kutseka Word pulinta ikadali mkati mosindikiza.

Malo amene zikalatazo zimadikirira ndi foda iyi:

```
C:\Windows\System32\spool\PRINTERS
```

Chikalata chilichonse chimasiya mafayilo awiri mmenemo. Yothera ndi .SPL imasunga zimene zikuyenera kusindikizidwa, pomwe yothera ndi .SHD ili ngati kachikwangwani ka pathumba: imanena mwini wake, pulinta yomwe chikupita ndi dongosolo la kasindikizidwe.

Nanga chimakaniranji kufufutika? Pachigayo, thumba lomwe likadali pamzere mutha kulinyamula n'kumapita. Koma lomwe athira kale theka, magetsi n'kuzima, simungalichotse chisawawa. Ndi mmenenso zilili pano. Mayeso a mlembi uja anali atayamba kale kupita kupulinta, choncho Print Spooler inali itagwira fayilo yake, ikudikira kuti pulinta iyankhe. Pulinta nayo itazima inaiwala zonse. Mukadina Cancel, lamulo lofufuta limalandiridwa, koma pulogalamu yomwe ikuyenera kufufutayo ndi yomweyo imene yakakamira podikira yankho. Ndipo popeza mzere umayenda motsatana, zonse zobwera pambuyo zimaima. Kupatula kuzima kwa magetsi, zimenezi zimachitikanso waya wa pulinta ukazuka pakati pa ntchito, pepala likapanika, kapena fayilo ya PDF ikakhala yowonongeka.

Mankhwala ake ndi kuimitsa pulogalamuyo kuti itaye zomwe yagwira, kusesa foda ija, n'kuidzutsanso. Musanayambe, dziwani kuti kusesaku kuchotsa zikalata zonse zodikira pa mapulinta onse olumikizidwa kukompyutayo. Ngati muli muofesi momwe anzanu amatumiza ntchito zawo kudzera pa kompyuta yomweyo, auzeni kaye. Zikalata zenizeni zomwe munasunga m'mafoda anu sizikhudzidwa ayi. Zimachoka ndi zapamzere zokha.

Yambani ndi kuzimitsa pulinta. Pulinta zambiri zimasunga masamba angapo mkati mwake, ndipo mukapanda kuizimitsa itha kudzalavula masamba akale kapena odzaza zizindikiro zosamveka. Kenako dinani Start, lembani cmd, ndipo pa Command Prompt dinani batani lakumanja la mawusi n'kusankha Run as administrator. Pawindo lakuda lomwe litseguke lembani mizere itatu iyi, umodziumodzi, n'kumadina Enter ukatha uliwonse:

```
net stop spooler
del /Q /F %systemroot%\System32\spool\PRINTERS\*.*
net start spooler
```

Mzere woyamba ukuimitsa pulogalamu ija. Dikirani mpaka kompyuta inene kuti yaimadi. Wachiwiri ukufufuta mafayilo onse a mufodayo, ndipo ukayenda bwino sulemba kanthu kalikonse, choncho musadabwe. Ulembeni mosamala chilembo ndi chilembo, chifukwa zofufutidwa mwanjira iyi sizipita mu Recycle Bin, ndipo mukalakwitsa dzina la foda mutha kusesa malo olakwika. Wachitatu ukudzutsanso pulogalamuyo. Mukaona mawu akuti System error 5 has occurred, dziwani kuti windo lija simunalitsegule ndi mphamvu za mwini kompyuta. Litsekeni, mulitsegulenso ndi Run as administrator. Onetsetsaninso kuti muli mu Command Prompt osati PowerShell, poti mzere wachiwiriwo sugwira ntchito kumeneko.

Amene windo lakuda limawachititsa nthumanzi ali ndi njira ina yofika pamodzimodzi. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani services.msc, pezani Print Spooler pamndandanda, ndipo sankhani Stop. Tsegulani foda ija, fufutani zonse zamkati, bwererani pamndandanda n'kusankha Start. Mufufute zamkati zokha. Foda ya PRINTERS ikhale, ndipo foda yoyandikana nayo yotchedwa drivers musaikhudze n'komwe, chifukwa ndi momwe mumakhala mapulogalamu oyendetsa pulinta yanu.

Pamndandanda womwewo pali Restart, ndipo ambiri amathamangira pomwepo. Nthawi zina imathandizadi, makamaka chikalata chikakhala kuti chalembedwa kale Deleting. Koma ngati mafayilo aja akadali mufoda, pulogalamuyo ikadzuka imawawerenganso, chikalata chovuta chija n'kubwerera pamalo pake. Ichi ndi chifukwa chakenso kuzimitsa ndi kuyatsa kompyuta kumalephera nthawi zina: mafayilowo ali pa disiki, sachoka okha.

Mukamaliza, yatsani pulinta, yang'anani ngati mzere wayera, ndipo yesani tsamba limodzi lokha. Mlembi wathu uja, tsamba loyesera likatuluka, asatumizenso masamba onse 40. Atumize kuyambira 12 mpaka 40, apulumutse mapepala 11 ndi inki yake.

Vuto likabweranso, onani mmene labwerera. Ngati likuchitika pa chikalata chimodzi chokha, chikalatacho ndiye chowonongeka. Ngati ndi PDF, mu Adobe Reader sankhani Advanced kenako Print As Image. Ngati zikalata zonse zikukakamira, yang'anani waya, kapena ngati pulinta ndi ya pa netiweki, onani ngati adiresi yake sinasinthe. Ngati Print Spooler ikuima yokha mukangoidzutsa foda ili yoyera, kawirikawiri wolakwa ndi pulogalamu yoyendetsa pulinta. Ichotseni, muike yatsopano yochokera kwa opanga pulintayo. Ndipo ngati pulinta inalumikizidwa kukompyuta ya mnzanu, inu n'kumangotumizako, chikalatacho chingakhale chakakamira kumeneko. Kusesa foda yanu sikuthandiza. Kaseseni ya kompyuta imeneyo.

Tsono pulinta ikakhala chete, musatumizenso chikalata kachiwiri. Tsegulani mzere kaye, muone chomwe chaima patsogolo.