Kuwerenga Byureti: Viniga wa pa Manjawira Ali ndi Asidi Wochuluka Bwanji?

Viniga amene timagula m'mashopu a pa Manjawira kuti tithire mu saladi kapena pa tchipisi amawawasa chifukwa muli asidi wotchedwa asetiki, CH₃COOH. Nthawi zambiri asidiyu amakhala pafupifupi magalamu 5 mu 100 cm³ iliyonse. Titha kutsimikiza zimenezi ndi taitireshoni, ntchito imene imapezekanso pa mayeso a kemisitiri a MSCE. Pa ntchitoyi yankho lonse limadalira manambala awiri amene timawerenga pa byureti, ndipo ambiri amaphonya pomwepo.

Byureti ndi chubu chagalasi chachitali chokhala ndi kampopi kumunsi. Yodziwika kwambiri imatenga 50 cm³, ndipo kamzere kalikonse kamaimira 0.1 cm³. Chimasokoneza n'chakuti 0 ali pamwamba, 50 ali pansi, chifukwa byureti imayeza madzi amene atuluka, osati amene atsala. Silinda yoyezera manambala ake amakwera m'mwamba. Choncho tikapatsidwa chithunzi cha chipangizo, choyamba tione kumene manambala akulowera.

Pamwamba pa madzi a m'byureti pamapindika ngati kambale. Timawerenga pansi penipeni pa kambaleko, diso lili mulingo umodzi ndi madziwo. Tikasuzumira kuchokera pamwamba nambala imachepa, tikayang'ana kuchokera pansi imakula. Tiyerekeze kuti pa chithunzi kambaleko kali pakati pa 21 ndi 22, timizere titatu kumunsi kwa 21. Yankho ndi 21.30 cm³. Wozolowera silinda amayambira pa 22 n'kuwerenga timizere 7 chokwera, n'kulemba 22.70. Kuzindikira cholakwachi n'kosavuta: nambala ya pakati pa 21 ndi 22 iyenera kuyamba ndi 21.

Tsopano tibwerere kwa viniga uja. Popeza ndi wamphamvu, timayamba tamusungunula. Timatenga 25.0 cm³ ndi pipeti, n'kuthira m'fulasiki yoyezera ya 250 cm³, kenako n'kuonjezera madzi osungunulira a mu labu mpaka pamzere. Apa mphamvu yake yachepa kakhumi. Pa viniga wosungunulayu timatapa 25.0 cm³ n'kuika m'fulasiki ya khosi lopapatiza, ndi madontho awiri kapena atatu a fenofutalini, mankhwala amene sasonyeza mtundu mu asidi koma amasanduka pinki asidi akatha. M'byureti timathiramo NaOH wa 0.100 mol/dm³.

Timatsegula kampopi kwinaku tikukhutchumula fulasiki. Pinki akayamba kuchedwa kuzimirira, timadontheza limodzilimodzi mpaka mtundu wotuwa wa pinki ukhale osachoka kwa masekondi pafupifupi 30. Pinki wakuda bii ndi chizindikiro choti tapyoza. Ulendo woyamba ndi wongofufuzira. Timabwereza mpaka maulendo awiri asiyane ndi 0.10 cm³ kapena kucheperapo.

Tinene kuti tinayambira pa 0.50 n'kuthera pa 21.30 paja. NaOH amene watuluka ndi 21.30 − 0.50 = 20.80 cm³. Mankhwala awiriwa amagwirizana motere:

CH₃COOH + NaOH → CH₃COONa + H₂O

Apa molo imodzi ya NaOH imathetsa molo imodzi ya asidi. Mamolo a NaOH timawapeza pochulukitsa mphamvu yake ndi kuchuluka kwake, titagawa ma cm³ ndi 1000 kuti akhale ma dm³:

0.100 × 20.80 ÷ 1000 = 0.00208 mol

Asidi wa m'fulasiki analinso 0.00208 mol, ndipo anali mu 25.0 cm³, kapena kuti 0.0250 dm³. Mphamvu yake ndi 0.00208 ÷ 0.0250 = 0.0832 mol/dm³. Tisaiwale kuti tinasungunula kakhumi, ndiye viniga wa m'botolo ndi 0.832 mol/dm³. Molo imodzi ya asidiyu imalemera magalamu 60, choncho 0.832 × 60 ikutipatsa 49.9 g/dm³. Amenewa ndi pafupifupi magalamu 5 mu 100 cm³, monga tinkayembekezera. Mnzathu uja analemba 22.70 akanapeza 53.3 g/dm³, ngakhale masamu ake onse akanakhala olondola.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakweza yankho ngakhale diso litawerenga bwino. Choyamba ndi mpweya wotsalira kumunsi kwa kampopi: ukatuluka pakati pa ntchito, byureti imaonetsa ngati mwatuluka NaOH pomwe mwatuluka mpweya. N'chifukwa chake timayamba tatsegula kampopi mpaka nsonga idzaze, kenako n'kuwerenga nambala yoyamba. Chachiwiri ndi byureti yotsukidwa ndi madzi okha. Madontho otsalira amasungunula NaOH, ndiye pamafunika wambiri kuti asidi athe. Tikatsuka ndi madzi, tizitsukuluzanso ndi NaOH yemweyo. Koma fulasiki yokhutchumula ija timaitsuka ndi madzi okha, chifukwa madzi sasintha kuchuluka kwa mamolo a asidi amene pipeti yathiramo.