Kalata yoikira umboni wophunzira: iwerengeni katatu musanadinde

Nyengo yofunsira malo ku sukulu zaukachenjede kapena thandizo la maphunziro ikafika, aphunzitsi amapeza ana asanu kapena khumi pakhomo la ofesi, aliyense akufuna kalata yomuikira umboni, aliyense akuti tsiku lomaliza ndi mawa. Mphunzitsi wopanikizika amatsegula pa kompyuta kalata imene analembera mwana wina chaka chatha, n'kusintha dzina, n'kukonza chiganizo apa ndi apo. Zolakwika zambiri za m'makalata otere zimabadwira pamenepa. Mwana wa chaka chatha uja sachokeratu m'kalatamo. Dzina lake limatsalira m'ndime yachitatu, mbiri yake imasakanikirana ndi ya mnzake, ndipo amene amavutika nazo ndi wophunzira amene sanalembe ngakhale chilembo chimodzi.

Wowerenga kalatayo, kaya ali ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko, sakudziwa mphunzitsiyo ndipo mwanayo sanamuonepo. Ali ndi pepala lokha, pamodzi ndi mulu wa mapepala a ena. Akapeza kuti kalata ikudzitsutsa, sataya nthawi kuimba lamya kuti afunse. Amangoganiza kuti woilembayo samudziwa bwino mwanayo, ndipo mawu onse otamanda amene ali mmenemo amatha mphamvu.

Njira yodalirika ndiyo kuwerenga kalatayo katatu, ulendo uliwonse mukufunafuna chinthu chimodzi chokha. Munthu akamafuna zonse nthawi imodzi, maso amatengeka ndi kukoma kwa nkhani n'kudumpha zolakwika. Musanayambe, ikani patebulo chiphaso cha unzika kapena pasipoti ya mwanayo, satifiketi kapena chikalata cha zotsatira zake, ndi chilengezo cha malo amene akufunsirawo. Kalata imayesedwa ndi mapepala amenewa, osati ndi zimene mukukumbukira.

Ulendo woyamba ndi wa mayina. Dzina lilembedwe ndendende monga lilili pa chiphaso ndi pa satifiketi ya ku MANEB, chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno l ndi r zimasinthana mosavuta, moti banja lina limalemba Chirwa pamene lina limalemba Chilwa, ndipo onse akulondola pa dzina lawo. Koma mwana amene pasipoti yake ikuti Nyirenda pamene kalata ikuti Nyilenda angaoneke ngati anthu awiri kwa mlembi wa ofesi ya kutali amene akulumikiza mapepala. Kompyuta siingakuthandizeni apa. Imaika mzere wofiira pansi pa pafupifupi dzina lililonse la Chimalawi, lolondola ndi lolakwika lomwe, ndiye maso amazolowera kusaulabadira mzerewo. Onaninso kuti dzina la makolo silinasinthane malo ndi dzina loyamba, ndi kuti dzina la kunyumba kapena lachidule limene mumamuitanira m'kalasi silinalowe.

Kenaka funafunani mwadala dzina la mwana wa m'kalata yakale. Dinani Ctrl+F, lembani dzinalo, muone ngati lituluke. Limakonda kubisala pamutu wa kalata, m'chiganizo chomaliza, ndi pa dzina la fayilo yeniyeniyo. Dzina la kumene kalata ikupita nalonso lionedwe. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa: Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS. Kalata yokoperedwa ku yakale ikhoza kutchulabe mayina akalewo. Choipa koposa ndi kalata imene pamwamba ikupita ku bungwe lina koma pansi ikuti mwanayu ndi woyenera thandizo la bungwe linanso.

Ulendo wachiwiri ndi wa alowam'malo, ndipo apa ife tili ndi vuto lathulathu. Makalatawa amalembedwa m'Chingelezi, chimene chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, pamene ife timati "iye" ndi "wake" kwa onse. Munthu amene amaganiza m'Chichewa akamalemba mothamanga, he ndi she zimamusakanikirana, ngakhale atakhala katswiri wa Chingelezi. Mayina athu ambiri nawonso sanena ngati mwiniwake ndi mnyamata kapena mtsikana. Chisomo, Chikondi, Mphatso, Thokozani ndi Chimwemwe ndi a onse. Mlembi amene wapatsidwa kalata kuti ataipe, ndipo mwanayo sakumudziwa, amangolota.

Funafunani mawu awa limodzilimodzi: he, she, his, her, him, himself, herself, komanso Mr ndi Ms. Mu Microsoft Word sankhani Find whole words only, apo ayi kompyuta ikuonetsani the ndi other paliponse. Ndipo musayerekeze kudina Replace All. Mukalamula kuti he aliyense akhale she popanda kusankha mawu athunthu, the amasanduka tshe. Mukasintha his kukhala her, this amasanduka ther. Ngakhale mutasankha bwino, kuchoka kwa mtsikana kupita kwa mnyamata kuli ndi msampha wina: her amafuna his pa chiganizo china ndi him pa china, ndipo ndi munthu yekha wowerenga chiganizocho amene angadziwe. Sinthani limodzilimodzi, mukuwerenga. Onaninso ngati wolemba akuti "ine" kapena "ife". Kalata imene yayamba ndi mphunzitsi mmodzi n'kutha ngati yalembedwa ndi sukulu yonse imasokoneza wowerenga kuti umboniwu ndi wa yani.

Ulendo wachitatu ndi umene umafuna mutu, chifukwa chiganizo chilichonse pachokha chimakhala cholongosoka. Vuto limaoneka mukaziika pamodzi. Tiyerekeze kalata imene mphunzitsi wa bayoloje walembera mtsikana, timutche Chisomo, amene akufunsira thandizo kuti akaphunzire unamwino. Ndime yoyamba ikuti, "Ndamuphunzitsa kwa zaka zinayi, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4." Ndime yachiwiri ikuti, "Atabwera pasukulu pathu mu Fomu 3, anazolowera msanga." Zonse ziwiri sizingakhale zoona. Ngati anabwera mu Fomu 3, mphunzitsiyu wamudziwa zaka ziwiri. Zaka zinayi zija ndi za mwana wa m'kalata yakale.

Kuti mugwire zotere, tengani pensulo, mudule mzere pansi pa nambala iliyonse, chaka chilichonse, ndi mawu aliwonse onena motsimikiza monga "nthawi zonse", "sanayambe", "woyamba" ndi "yekhayo". Zilembeni papepala lina motsatizana, muziwerenge popanda mawu okometsera amene anazizungulira. M'kalata ya Chisomo mupeza kuti ndime yachiwiri ikuti anali woyamba m'kalasi, pamene yachinayi ikuti anali m'gulu la khumi okhoza bwino mwa ophunzira 80. Woyamba alidi m'gulu la khumi, komabe palibe mphunzitsi amene amanena za mwana woyamba motero, ndipo wowerenga aona kuti pali chimene chakokomezedwa. Buku la zotsatira ndilo lingathetse nkhaniyi. Mwina anali woyamba pa bayoloje koma wachisanu ndi chiwiri pa maphunziro onse. Zikatero lembani momwemo, chifukwa mfundo yolunjika chotere imakhulupirika kuposa matamando.

Tsopano yerekezani kalata ndi satifiketi. Kalata ikuti anapeza disitinkishoni pa bayoloje ndiponso mapointi 14. Pa mayeso a MSCE, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Satifiketi ya Chisomo ikuonetsa 3 pa bayoloje, kutanthauza kirediti. Maphunziro ake asanu ndi limodzi amene anakhoza bwino ndi 2, 2, 2, 3, 3 ndi 3. Kuwonkhetsa kwake ndi 15, osati 14. Kusiyana kwa pointi imodzi kukuoneka kochepa, koma satifiketiyo ili m'fayilo momwemo pafupi ndi kalata, ndipo wowerenga saona ngati kuphonya masamu. Amaona ngati mphunzitsi wafuna kumukweza mwanayo. Ngati kalata ikupita kunja, onjezani chiganizo chimodzi chofotokoza kuti pa MSCE nambala yochepa ndiyo yabwino, ndipo mapointi abwino kwambiri ndi 6. Mlendo akhoza kuona 2 n'kuganiza kuti mwana analephera.

Palinso kutsutsana kwa pa khalidwe, kumene sikugwidwa ndi nambala. Kalata ikuti Chisomo sanajombepo tsiku n'limodzi lomwe, koma pofuna kuonetsa kulimba mtima kwake ikutinso anakhala panyumba teremu yathunthu chifukwa chosowa fizi, n'kubwerera n'kukhozabe. Nkhani yachiwiriyi ndiyo yamphamvu, ndiponso ndi imene bungwe lopereka thandizo likufuna kumva, choncho choyamba chija chichotsedwe kapena chikonzedwe kuti, "Nthawi yonse imene fizi inalipo, sanajombe." Koma mwanayo afunsidwe kaye ngati akulola kuti nkhani ya umphawi wa kwawo kapena matenda ilembedwe. Nthawi zina zimene zikuoneka zotsutsana zimakhala zoona zonse. Kunena kuti ndi wofatsa, wosayankhulayankhula, kenaka kuti ankatsogolera gulu la mtsutso, n'kotheka ndithu. Chikusowa ndi chiganizo cholumikiza: mu Fomu 3 anali wamanyazi, koma pofika Fomu 4 ndiye ankatsegulira mtsutso. Potero kalata yaonetsa kukula kwa mwana m'malo mosokoneza.

Ndikutsindika chinthu chimodzi pano chifukwa ndi pamene anthu amtima wabwino amalakwira. Mukapeza mfundo ziwiri zotsutsana, musasankhe yokomayo n'kufufuta inayo. Bwererani ku kaundula wa sukulu, ku buku la zotsatira, kapena kwa mwanayo. Ngati ndinu mnzake wa wolemba amene mwangopemphedwa kuwerenga, ntchito yanu ndi kuika chizindikiro ndi funso m'mbali. Wosintha mfundo ndi amene asainire, poti umboniwo ndi wake. Mabungwe ena amafuna kuti wophunzira asaione kalatayo, ndipo amatumizira mphunzitsi njira yoikira yekha pa intaneti. Zikatero mwanayo sangagwire cholakwika chilichonse, ngakhale cha dzina lake lomwe. Ndi bwino kumupempha pasadakhale kuti alembe papepala dzina lake lonse, zaka zimene anakhala pasukulupo, maudindo amene anagwira, ndi zimene wanena m'fomu yake, kuti kalata isadzati anali mkulu wa ophunzira pamene iye walemba kuti anali wachiwiri.

Zotsala ndi zachidule. Onani kuti deti la pakalata ndi la chaka chino, udindo wa wosaina ndi umene ali nawo lero, ndipo nambala ya lamya ikugwirabe ntchito. Ngati munagwiritsa ntchito Track Changes, vomerezani zosintha zonse ndi kuchotsa ndemanga, kenaka sungani kalatayo ngati PDF, muitsegulenso kuti muone zimene wolandira adzaone. Isindikizeni papepala, muiwerenge mokweza kamodzi, chifukwa khutu limagwira he wotsalira amene diso lamudumpha.

Kalata ya tsamba limodzi siitenga nthawi yaitali kuiwerenga katatu chotere. Aphunzitsi, ngati mungathe, ilembeni lero, muiwerenge mawa mutu utapuma, ndipo chidindo cha sukulu chibwere pomaliza penipeni. Inu ophunzira, kapempheni kalata kudakali masabata awiri kapena atatu, mutanyamula chiphaso ndi zotsatira zanu.