Kalata yotumizira wodwala ku chipatala cha boma

Kalata yotumizira wodwala kuchokera ku chipatala chaching'ono cha kumudzi m'chigawo cha Niassa imalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo odwala ambiri ozungulira Lichinga amathera ku Hospital Provincial de Lichinga. Kalatayi imayamba ndi mbiri ya matenda, kenako zimene wachipatala wapeza, mankhwala amene wapereka, ndi changu chofunika.

Mwana wa makilogalamu 10 akamakomoka ndi malungo, kulemba kuti "malungo aakulu" sikukwanira. Kalata inene tsiku limene thupi linayamba kutentha, zotsatira za kuyeza magazi, ndi kuti wabayidwa artesunate wa mamiligalamu 30, pa ola lakuti. Olalo likasowa, olandira mwanayo sadziwa nthawi ya jakisoni wachiwiri, amene amabayidwa pakatha maola 12.