Anthu Asanu, Mafoloko Asanu, Koma Onse Agona ndi Njala

Afilosofi asanu akhala mozungulira tebulo, aliyense ndi mbale yake ya spageti. Mafoloko alipo asanu okha, imodzi pakati pa anthu awiri alionse oyandikana, ndipo kuti munthu adye ayenera kugwira awiri, yakumanzere ndi yakumanja. Funsoli linachokera kwa Edsger Dijkstra mu 1965, ndipo Tony Hoare ndiye analipatsa maonekedwe amene limadziwika nawo lero. Afilosofiwo akuimira mapulogalamu a pakompyuta, mafolokowo ndi zinthu zimene mapulogalamuwo amabwerekana.

Vuto limabwera njala ikawagwira onse nthawi imodzi. Aliyense amatola foloko yakumanzere n'kumadikira yakumanja, imene ili m'dzanja la mnzake. Palibe wodya, palibenso wosiya foloko yake. Akatswiri amati imeneyi ndi dediloko. Pakompyuta imaoneka chonchi: pulogalamu sinafe, sinanene kuti chalakwika n'chiyani, yangoti zii.

Njira yoyamba yopewera zimenezi ndi kupatsa mafoloko manambala, kuyambira 1 mpaka 5, n'kulamula kuti aliyense aziyamba kutola ya nambala yotsika. Tinene kuti woyamba ali pakati pa foloko 1 ndi 2, wachiwiri pakati pa 2 ndi 3, mpaka wachisanu amene ali pakati pa 5 ndi 1. Anayi oyambawo atola 1, 2, 3 ndi 4. Wachisanu ayenera kuyamba ndi 1, koma yatengedwa kale, choncho adikira chimanjamanja. Foloko 5 yatsala patebulo, wachinayi aitola n'kudya. Akamaliza asiya 4 ndi 5, wachitatu apeza mpata, ndipo enawo atsatira. Kuvuta kwake n'koti pulogalamu iyenera kudziwiratu zonse zimene idzafune kuti izitenge m'dongosolo lake.

Yachiwiri ndi kuika woperekera zakudya amene aliyense azimupempha asanatole kanthu. Iye amamvera munthu mmodzi pa nthawi, ndipo amapereka mafoloko onse awiri kapena osapereka n'komwe. Motero palibe wogwira imodzi n'kumadikira inzake. Koma aliyense amadutsira kwa iye, ndiye odya akachuluka ntchito imachedwa.

Yachitatu ndi kuchotsa mpando umodzi kuti patebulo pazikhala anthu osaposa anayi. Anthu anayi akagawana mafoloko asanu, mmodzi sangalephere kupeza awiri, ndipo akakhuta amapatsa mpata amene waima.

Komabe kuthetsa dediloko sikutanthauza kuti aliyense adya. Ngati oyandikana naye awiri akusinthanasinthana kudya, wapakati angamapeze nthawi zonse foloko imodzi itatengedwa, n'kufooka ndi njala anzake akukhuta. N'chifukwa chake wolemba pulogalamu amawonjezera lamulo lina: amene wadikira nthawi yaitali ndiye ayambe kulandira.