Ejenti akalemba kuti mutsitse mtengo wa nyumba

Nyumba ikatha miyezi itatu pamsika popanda ndi mmodzi yemwe wonenerera mtengo, mwini wake amalandira imelo yochokera kwa ejenti. Imayamba ndi moni waulemu, koma nkhani yake ndi imodzi: bwana, mtengowu wakwera, titsitseko.

Tiyerekeze nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Area 25 mu Lilongwe, yomwe mwini wake akufuna K120 miliyoni. Ejenti wodziwa ntchito sangolemba kuti msika wavuta. Amafotokoza kuti oimba foni analipo 30, odzaona nyumba 9, koma wobweranso kachiwiri panalibe. Apa ndiye pofunika kuwerenga modekha. Oimba foni akachepa, mwina vuto ndi zithunzi kapena kumene nyumbayo yatsatsidwira, ndipo zimenezo akonze ndi ejentiyo. Koma anthu akamabwera, n'kuzungulira mpaka kuseri, n'kuchoka ndi mawu oti "tikuimbirani", ndiye kuti aona kwina nyumba yabwinoko pa ndalama yomweyo.

Eni nyumba ambiri amaika mtengo powerengera simenti, malata ndi mpanda. Wogula zimenezo alibe nazo ntchito, iye amayang'ana nyumba zina za m'deralo. N'chifukwa chake kalata yabwino imatchula nyumba zofanana ndi yanuyo zomwe zagulidwadi posachedwa, osati zomwe zikungotsatsidwa, pakuti mtengo wotsatsira aliyense amangodziikira.

Ndiye pali banki. Wogula pangongole amadalira mtengo umene katswiri woyesa nyumba walemba. Katswiriyo akati K100 miliyoni, banki n'kuvomera kubwereketsa K80 miliyoni, wogula ayenera kupeza yekha K40 miliyoni kuti afike pa mtengo wanu. Ambiri amagwa mphwayi pomwepo, ndipo sabwera kudzakuuzani chifukwa.

Kutsitsa kwake nakonso n'kofuna nzeru. Kuchoka pa K120 miliyoni kufika pa K118 miliyoni n'kutaya nthawi, chifukwa amene ali ndi K105 miliyoni sadzaimbabe foni. Kudula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kumangophunzitsa ogula kudikira. Kuli bwino kutsitsa kamodzi, mooneka.

Komabe musaiwale kuti ejenti amadya nyumba ikagulidwa. Ngati munapangana kuti adzatenga K5 pa K100 iliyonse, kudula K15 miliyoni kumamuchotsera iye K750,000 yokha, yotsalayo mwataya ndinu. Sikuti akunama ayi, koma kufulumira kumamukomera iye kuposa inu.

Choncho musanayankhe, mufunseni nyumba zomwe wayerekeza nazo, tsiku lomwe zinagulidwa ndi zomwe odzaona aja anadandaula. Onaninso ngati chikalata cha umwini chili m'dzina lanu komanso ngati msonkho wa kukhonsolo munamaliza kulipira, chifukwa zimenezi zimathawitsa ogula ngakhale mtengo utatsika. Umboni ukakhalapo, tsitsani. Akalephera kuupereka, itanani katswiri wina ayese nyumbayo musanadule ngakhale tambala.