Madontho 42 pa mphindi: masamu a dilipi

Amene anadikirirapo wodwala m'wodi anaziona izi. Namwino akapachika thumba la dilipi sachoka msanga. Amaima pomwepo, maso ali pa wotchi ndi pa kabotolo komwe madzi amadonthera, chala chikusuntha kagudumu pang'onopang'ono. Amakhala akuwerenga madontho, ndipo nambala imene akufunayo waipeza ndi masamu.

Tinene kuti dokotala walemba kuti wodwala alandire lita imodzi, yomwe ndi mamililita 1,000, pa maola 8. Kuchuluka kwa madzi ndi nthawi zadziwika. Chotsala chalembedwa pa paketi ya kapaipi: ndi madontho angati amene amakwana mililita imodzi. Kapaipi ka akuluakulu kawirikawiri ndi ka madontho 20, pomwe ka ana kamatulutsa timadontho ting'onoting'ono, 60 pa mililita.

Namwino amachulukitsa mamililita ndi nambala ya pa paketiyo, kenako n'kugawa ndi mphindi. Ndi kapaipi ka 20, m'thumba lonse muli madontho 20,000. Maola 8 ndi mphindi 480. Kugawa 20,000 ndi 480 kukupereka 41.7, ndipo poti dontho silidulidwa pakati, timati 42 pa mphindi. Pa masekondi 15 pazigwa madontho 10 kapena 11.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi paketi ija, chifukwa imatayidwa msanga munthu asanaiwerenge. Mukatchera madontho 42 pa kapaipi ka 60, wodwala azilandira mamililita 42 okha pa ola m'malo mwa 125, ndipo thumba la maola 8 litenga pafupifupi maola 24. Mukalakwitsa mbali inayo, n'kuwerengera 60 pomwe kapaipi ndi ka 20, mutchera madontho 125, thumba lithe m'maola osakwana atatu. Kwa munthu wa vuto la mtima kapena impso, madzi othamanga chotere amadzaza m'mapapo. Amayamba kubanika, kupuma mofulumira ndi kutsokomola.

Ngakhale masamu atalondola, dilipi imasintha yokha. Wodwala akapinda mkono madontho amachepa, thumba likakwezedwa m'mwamba amafulumira. N'chifukwa chake namwino amabwereranso kudzaona mizere ya pa thumba. Pakatha maola 2 pakhale patapita mamililita 250, pakatha maola 4 thumba likhale pa theka.

Inu amene mukudikirira wodwala, kagudumu kaja musakakhudze, ngakhale mukuona ngati madzi akuchedwa. Ndikudziwa kuti mtima umafuna m'bale wanu achire msanga, koma kutsegula dilipi kungamuvulaze. Madontho akaima, akayamba kutsika ngati mpopi, kapena pamene pabayidwa pakatupa ndi kupweteka, itanani namwino nthawi yomweyo, ndipo muwauze nthawi imene thumbalo linapachikidwa.