Werengani botolo musanamwetse mwana

Tinene kuti anamwino alemba kuti mwana azimwa amokisisilini 250 mg. Musathamangire supuni ayi, yambani mwawerenga pabotolo. Ngati palembedwa 125 mg/5 ml, mupatseni 10 ml. Koma ngati palembedwa 250 mg/5 ml, ndi 5 ml basi, chifukwa amenewo ndi amphamvu kawiri. Mukamupatsa 10 ml, mwapitirira muyezo.

Amokisisilini wa m'botolo ndi ufa wosakaniza ndi madzi, ndipo ufawo umatsikira pansi. Muzikhutchumula musanayeze. Sirapu weniweni alibe ufa wotsika.

Piritsi losungunuka la 250 mg silifuna kuyeza. Lisungunuleni m'timadzi toyera kapena mumkaka wa m'mawere, mwana amwe zonse. Ngati mulibe kapu yoyezera, funsani anamwino ngati lilipo.